Mmene mungayankhire m'bale wanu wopempha ngongole pamene simungathe kumukongoza

Ndimasunga ndalama za gulu lathu la banki mkhonde kuno ku Salima, ndipo funso lomwe limandipeza kawirikawiri si la masheya kapena chiwongoladzanja. Tikangotseka bokosi, wina amatsalira kumbuyo, n'kundionetsa foni: "Taonani zomwe alemba achimwene anga. Ndiwayankhe bwanji?" Mwezi wa Januwale ndiye zimachita kunyanya, poti fizi, feteleza ndi chimanga zimafuna ndalama nthawi imodzi. Ndaganiza zongolemba kamodzi kuti wofunsa ndizingomupatsa awerenge.

Tiyerekeze chonchi. Inu ndinu mayi, mumagwira ntchito pa boma pano. Achimwene anu aakulu amakhala ku Senga Bay, ndipo akulemberani kuti muwabwereke K300,000 yoti apikulire usipa, ayanike, akagulitse ku Lilongwe. Akuti adzabweza ikatha miyezi iwiri. Ndalama zomwe muli nazo ndi za fizi ya ana anu. Nkhani ya matenda kapena maliro ndi ina, imeneyo abale amasonkha, sakongozana. Pano tikunena za mpamba wa bizinesi, lendi, feteleza ndi zina zotero.

1. Werengani ndalama zanu musanagwire foni

Tengani pepala, lembani zomwe zilowe mwezi uno ndi zomwe zili kale ndi pokalowa: fizi, lendi, chakudya, magetsi, masheya a kugulu, ngongole yomwe mukubweza. Kenako dzifunseni funso limodzi lokha: ndalama imeneyi itapita osabweranso, pakhomo panga pachitika chiyani? Ngati yankho lili lakuti mwana abwezedwa kusukulu, ndiye kuti simungakongoze, ngakhale ndalamayo ili m'foni mwanu. Anthu ambiri amadziimba mlandu chifukwa akuiona ndalama ndi maso, kuiwala kuti ili kale ndi mwini wake.

Ngati muli pabanja, kambiranani ndi anzanu a m'nyumba tsiku lomwelo. Achimwene anu akakanidwa ndi inu akhoza kuimbira alamu awo, ndipo mayankho anu akasiyana ndiye mwadzipalira mkangano wa m'nyumba.

Musadutse masiku awiri musanayankhe. Munthu wopempha amakhala ataona kale timizere tiwiri ta buluu tosonyeza kuti mwawerenga. Kukhala chete kumamupweteka kuposa kukanidwa, komanso kumamutayitsa nthawi yokafuna kwina.

2. Pezani chomwe mungapereke, chisanalowe m'uthenga

Apa ndi pomwe ambiri amalonjeza chifukwa cha manyazi. Akana K300,000, ndiye pofuna kufewetsa mawu amaponya lonjezo lomwe sangathe kulikwaniritsa. Sankhani chinthu chimodzi, zikachuluka ziwiri, zomwe zili m'manja mwanu lero.

Choyamba kuchiganizira ndi mphatso yochepa. K40,000 yopereka osayembekezera kubwezeredwa imasunga chibale kuposa K300,000 yomwe muzidzaitchula pa maliro aliwonse. Koma munene momveka kuti si ngongole, chifukwa mukapanda kutero achimwene anu adzayamba kukuzembani pa ndalama yomwe inu simukuifunanso.

Ngati mukudziwa kuti ndalama ikafika m'manja mwawo imasochera panjira, lipirani chinthucho nokha. Gulani matumba oikamo nsomba, lipirani galimoto yonyamula katundu ulendo woyamba, kapena tumizani thumba la chimanga kwa alamu anu kuti mpamba womwe apeze usathere pa ufa. Ena alibe ndalama konse koma ali ndi zina: njinga yongokhala pakhomo, malo ogona kwa mnzawo ku Lilongwe, kapena anzawo a kuntchito omwe mwezi ndi mwezi amagula usipa ndi mpunga wa ku Lifuwu. Kumupezera m'bale wanu makasitomala asanu odalirika ndi thandizo lenileni, ndipo silikuchotserani kalikonse m'thumba.

Chomwe simuyenera kulonjeza ndi kukamutengera ngongole m'dzina lanu. Ndibwereranso pa nkhaniyi pansipa, chifukwa imabwera nthawi zonse.

3. Sankhani njira yofikitsira uthengawo

Kwa mkulu wanu, mawu olemba okha amaoneka ngati mwano. Lembani uthengawo kaye kuti mawu anu akhale okonzeka, kenako imbani foni n'kulankhula zomwezo, kapena tumizani uthenga wa mawu kuti amve mmene mukulankhulira. Kufulasha kuti akuimbireni iwo ndiye ayi, mayunitsi akhale anu. Kwa mng'ono wanu kulemba kumakwana, bola mudzamuimbire mawa lake.

Ubwino wolemba ndi wakuti mawu amakhala pomwepo. Zikadzafika kwa amayi kapena kwa amalume kuti munanyoza, mudzangoonetsa. Koma lembani kwa iye yekha. Pa gulupu ya banja pamakhala azilamu ndi adzukulu, ndipo munthu wokanidwa pamaso pa ana saiwala.

4. Lembani uthengawo

Uthenga wabwino umayamba ndi moni ndi kusonyeza kuti mwamva vuto lake, kenako kukana, chifukwa chimodzi, ndi chomwe mupereke pamodzi ndi tsiku lake. Kwa achimwene aja ungamveke chonchi:

"Achimwene, mwaswera bwanji kumeneko, alamu ndi ana ali bwanji? Uthenga wanu ndauona, ndipo ndamva kuti mpamba wakuthawani nyengo yovuta ino. Ndaona bwino ndikuuzeni zoona msanga kuti musadikire ine: K300,000 ija sinditha kukubwerekani. Ndalama zomwe ndili nazo ndi za fizi ya ana teremu ino, ndipo sindingazigwire. Chomwe ndingathe ndi ichi: Lachisanu ndikutumizirani K40,000 pa Mpamba, ndi yotapira yomwe. Imeneyi si ngongole, musadzabweze. Komanso kuntchito kuno alipo anzanga omwe amagula usipa mwezi uliwonse, mukayanika woyamba mundiuze ndikugulitsireni. Ndikuimbirani madzulo ano tichezerane."

Kwa mng'ono wanu mawu amafupika, ndipo "iwe" amaloledwa ngati ndi mmene mumaitanirana:

"Mng'ono wanga, ndamva za lendi. Ndalama yonseyo sindikwanitsa kukubwereka, mwezi uno ndikubweza ngongole ya kugulu. Pa 28 ndikulipirira theka la mwezi umodzi kwa eni nyumba, undipatse nambala yawo. Ubwere Loweruka tidzaone limodzi za miyezi yotsatirayo."

Taonani chiganizo chokana chija. Chili pafupi ndi poyambira, ndi chachifupi, ndipo chikutchula ndalamayo. Ife tinaleredwa mozungulira nkhani, ndiye dzanja limafuna kulemba kuti "tiona", "ndiyesetsa" kapena "ndikuuzani". Inu mukamalemba zimenezo mumadziwa kuti mwakana, koma munthu wopanikizika amamva kuti mwavomera. Amakauza mwini bwato kuti amusungire nsomba poti ndalama ikubwera. Tsiku lomwe adzazindikire kuti sikubwera, adzakhala atachita manyazi kwa anthu ena, ndipo mkwiyo wake udzakhala pa inu. "Panopa ndilibe" nayenso ndi msampha, maka ngati mumalandira kwa boma, poti aliyense amadziwa nthawi yomwe malipiro amatuluka. Pakutha pa mwezi foni idzaliranso.

Chifukwa chikhale chimodzi, ndipo chikhale choona. Mukandandalika zifukwa zisanu, mwamupatsa zitseko zisanu zoti agogode. Adzati fizi mukhoza kulipira theka, lendi eni nyumba adikira, ndipo mudzapezeka mukuteteza bajeti yanu ngati muli pabwalo la milandu. Bodza nalo silikhalitsa kuno. Salima ndi yaing'ono, mukanena kuti mulibe kalikonse, wakabaza yemwe wakunyamulirani matumba a simenti pa Kamuzu Road akhoza kukhala mnzawo wa achimwene anuwo. Kunena kuti ndalama ilipo koma ili ndi ntchito yake n'kolimba kuposa kunena kuti palibe.

Pali zina zitatu zomwe zisalowemo. Musakankhire mlandu kwa amuna anu kapena akazi anu. "Alamu anu akana" imakupulumutsani lero, koma mlamuyo adzasenza dzina la umbombo zaka zambiri, ndipo pa chinkhoswe chilichonse azidzamuyang'ana ndi diso lofiira. Musakumbutse ngongole yakale mu uthenga womwewu, ngakhale ili yoona. Nkhani imeneyo ili ndi tsiku lake. Ndipo musaphunzitse. Mwina mukudziwa kuti kuyanika usipa pa thandala mwezi wa Januwale n'kutchova juga, poti mvula ikagwa masiku awiri otsatizana nsomba imaola kapena kuda n'kutsika mtengo. Zimenezo mukhoza kuzifunsa pocheza pa foni, ngati funso: "Nanga mvulayi muthana nayo bwanji?" Mukazilemba pamodzi ndi kukana, iwo amva kuti mwawakana chifukwa mumawaona ngati opanda nzeru.

Kupepesa kamodzi n'kokwanira. Uthenga wodzaza ndi "pepani" umaoneka ngati wa munthu yemwe akhoza kusintha maganizo akakankhidwa pang'ono.

5. Konzekerani zomwe zibwere mukatumiza

Kulemba kuja ndi kophweka. Ambiri omwe amabwera kwa ine anakana bwinobwino tsiku loyamba, n'kudzagonja tsiku lachitatu. Ndiye tiyeni tikhalitsepo apa.

Yankho loyamba limakhala lotsitsa mtengo: "Chabwino, nanga theka lokha?" Musayambe kunenerera ngati muli pamsika. Mukangoti mwina K100,000 ingatheke, mwasonyeza kuti fizi ija inali nkhambakamwa, ndipo ulendo wina sadzakukhulupirirani. Bwerezani zomwe munanena, ndi mawu ofatsa omwewo: "Ndamva achimwene, koma chomwe ndingathe ndi K40,000 ija basi. Lachisanu ifika." Musawonjezere chifukwa chatsopano.

Yankho lachiwiri ndi lomwe limandikhudza ine mwachindunji: "Inu muli ku banki mkhonde, kanditengereni kumeneko, ndizibweza ndine." Kwa omwe sali m'magulu amenewa, banki mkhonde ndi gulu la anthu odziwana omwe amagula masheya sabata ndi sabata, n'kumakongozana ndalama zomwezo, kenako n'kugawana pakutha pa chaka. Lamulo lake ndi lakuti gulu limadziwa membala yemwe wasaina m'buku, silidziwa m'bale wake wa ku Senga Bay. Tiyeni tiwerengere. Tinene kuti gulu lanu limaika chiwongoladzanja cha K20 pa K100 iliyonse pamwezi. Pa K300,000 ndiye kuti K60,000 mwezi uliwonse. Usipa ukaola ulendo woyamba, inu n'kumangolipira chiwongoladzanja chokha kwa miyezi itatu, mwataya K180,000, ndipo K300,000 ija ikadali chiimire. Ikafika nthawi yogawana, gulu lidzadula pa masheya anu, ndipo akapanda kukwana lidzabwera kudzatenga katundu pakhomo panu, osati pa achimwene. Yankho lake ndi ili: "Ngongole ya m'dzina langa sinditenga, ngakhale ya ndani. Ngati mukufuna, ndikuthandizani kupeza gulu kwanuko, ndipo ndalama ya masheya oyamba ichokere pa K40,000 ija." Muwauzenso zoona, kuti gulu silikongoza munthu tsiku lomwe walowa, ndipo magulu ambiri amakongoza molingana ndi masheya omwe munthu wasunga. Si yankho la sabata ino, koma la chaka chamawa.

Chimodzimodzi akakupemphani kuti mukasainire ngati mboni kapena muike chikole kwa wakatapila. Katapila ndi ngongole ya kwa munthu wamba yomwe chiwongoladzanja chake chimakhala chokwera kwambiri, moti wotenga K100,000 akhoza kuuzidwa kubweza K150,000 pakutha pa mwezi umodzi. Wakatapila amafuna dzina la munthu wapantchito chifukwa akudziwa komwe adzamupeze. Ngati achimwene anena kuti mukawakana apita kumeneko, musazione ngati kukuopsezani kokha. Afunseni kuti K40,000 ija ingagule ndowa zingati za usipa pa mtengo wa lero kunyanja, ndipo muwerengere limodzi ngati angayambe pang'ono, kugulitsa pa boma pompano m'malo mwa Lilongwe, komwe thiransipoti yokha ingadye phindu la katundu wochepa.

Chachitatu ndi foni yochokera kwa amayi. "Mwana wanga, m'bale wako akuvutika iwe uli pantchito. Chibale ndi fupa, sichiola." Apa pamafunika mtima, chifukwa amayi sakunama, ndipo nthawi zambiri amva mbali imodzi yokha. Musawauze zolakwa za mwana wawo. Auzeni zomwe mwachita: "Amayi, sindinawataye achimwene. Ndawatumizira yomwe ndikanatha, ndipo ndikuwafunira ogula. Yotsalayo ndi ya sukulu ya adzukulu anu." Agogo akamva za sukulu ya adzukulu nthawi zambiri amafewa. Ngati mukudziwiratu kuti nkhani idzafika kumeneko, yambani ndinu kuwauza tsiku lomwelo, mwachidule.

Pali vuto lina la kwathu kuno lomwe limalemera kwambiri. Kwa ife Achewa, mlongo wamwamuna ndi mwini mbumba. Ndi amalume a ana anu, ndi amene adzaimirire pa ukwati wawo ndi pa milandu yawo. Mwinanso ndi iwo amene anakulipirirani fizi ya ku sekondale ndi ndalama za nsomba zomwezo. Akakukumbutsani zimenezo, musatsutse ndipo musachepetse. Vomerani: "N'zoona achimwene, popanda inu sindikanafika pano, ndipo sindidzaiwala. N'chifukwa chake sindikufuna kuti pakati pathu pakhale ngongole yoti tizidzathawana." Kenako khalani chete, alankhule. Ngati mtima wanu ukukuuzani kuti munthu ameneyu muli naye mangawa enieni, njira yake ndi kukweza mphatsoyo kufika pomwe mungathe, kapena kutenga udindo umodzi wokhazikika, monga mayeso kapena yunifolomu ya mwana wawo mmodzi chaka chilichonse. Kuwakongoza ndalama ya fizi si kubweza zabwino zomwe anakuchitirani, chifukwa ikakanika kubwera mudzakhala mwataya ndalama ndi mlongo yemwe.

Ngati ndinu bambo ndipo wopemphayo ndi mlongo wanu, kulemera kwake kumatembenuka: anthu adzati mwini mbumba wathawa udindo. Pamenepo thandizo lolunjika kwa ana ake ndi lomwe limamveka bwino, ndipo akazi anu adziwe kuchuluka kwake kuyambira pachiyambi.

Chomaliza ndi chete. Awerenga, osayankha, mwinanso osakulandirani foni. Musathamangire kutumiza ndalama yonse kuti chete ameneyu athe, ndipo musatumize mauthenga khumi odzilungamitsa. Munthu wachita manyazi, mpatseni mpata. Tumizani zomwe munalonjeza pa tsiku lake ngakhale sanayankhe. Ikatha sabata, imbani n'kufunsa za ana, za mwera kapena za denga lomwe linkadontha, osatchula ndalama. Ngati pali mwambo wa pabanja, pitani monga mwa nthawi zonse, mukawapatse moni ndinu oyamba. Ndipo sabata imeneyo dziletseni pang'ono pa zithunzi zomwe mumaika pa foni. Munthu yemwe mwamukana Lachiwiri asakuoneni Loweruka mukudya chambo kunyanja, ngakhale wakulipirirani ndi mnzanu.

6. Chitani zomwe munanena, pa tsiku lomwe munanena

Ngati munati Lachisanu, likhale Lachisanu. Tumizani pa Airtel Money kapena Mpamba ndi yotapira yomwe, kuti K40,000 ifike m'manja yathunthu, ndipo onani dzina lomwe latuluka musanatsimikize. Mukatero lembani mzere umodzi: "Ndatumiza achimwene, muone ngati yafika." Musafunse mmene aigwiritsira ntchito. Munati ndi mphatso, ndiye yatuluka m'manja mwanu.

Za makasitomala zija muzichite ndithu. Funsani anzanu a kuntchito sabata yomweyo, lembani omwe avomera ndi kuchuluka kwa nsomba yomwe akufuna, muwatumizire achimwene. Gwirizananinso za amene azitolera ndalama. Anzanuwo akamatenga nsomba pa ngongole yodikira malipiro, inu ndi amene mudzakhale pakati, ndiye ndi bwino kuwauza poyamba pomwe kuti usipa wa achimwene ndi wa kashi.

Pempho likadzabweranso miyezi ikubwerayi, bwererani pa pepala lija muwerengenso. Mwina nthawi imeneyo mudzatha kukongoza pang'ono. Zikadzatero, lembani ndalamayo ndi tsiku lobweza mu uthenga, pakhale munthu mmodzi wa m'banja wodziwa, ndipo nthawi yobweza ikhale yaifupi. Omwe anakongoza abale awo kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 anadzalandira ndalama yomweyo pa chiwerengero, koma yosagulanso matumba a feteleza omwe ikanagula poyamba, ndipo m'bale wako sungamuuze kuti awonjezere.